Sitetimenti yafika: musanalipire, chongani mzere ndi mzere

Mwezi ukangotha, amalonda amene amaoda katundu pa ngongole amalandira pepala limene ambiri salikonda. Ena limawapeza pa foni, ena pa imelo, ena amachita kupatsidwa pamanja ndi dalaivala wa lole yobweretsa katundu. Pepalali ndi sitetimenti. Pamwamba pali dzina la kampani yogulitsa, pakati pali mizere ya madeti, manambala ndi ndalama, ndipo pansi penipeni pali nambala imodzi imene diso limathamangirako: ngongole imene akuti muli nayo. Mukatsegula buku lanu mumapeza nambala ina, nthawi zambiri yocheperapo.

Apa anthu amagawikana. Wina amalipira zimene zili pa sitetimenti poopa kuti amutsekera ngongole. Wina amaimba foni atakwiya kale, n'kumati akufuna kumubera. Onse awiri afulumira. Sitetimenti si lamulo loti mulipire, ndipo buku lanu nalonso silinena zoona nthawi zonse. Awa ndi mabuku awiri olembedwa ndi anthu awiri, m'maofesi awiri, pa masiku osiyana, za ngongole imodzi. Kusiyana kwake si chachilendo. Chofunika n'chakuti kwacha iliyonse imene yasiyana idziwike kumene yachokera, ndiponso amene ayenera kuikonza. Ntchito imeneyi ndiyo kuyanjanitsa sitetimenti ndi buku lanu, ndipo sifuna sukulu ya zowerengera ndalama. Imafuna mapepala, cholembera ndi kudekha.

Tiyambe ndi mapepalawo, chifukwa amene sawasiyanitsa amasokonezeka asanayambe. Invoisi ndi pepala limene wogulitsa amalemba pa katundu wa ulendo umodzi: wakugulitsani chiyani, zingati, pa mtengo wanji. Invoisi iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ndipo nambalayo ndi imene mudzaigwiritse ntchito kuposa china chilichonse. Delivale noti ndi pepala limene limabwera ndi katundu, limene inu kapena wogwira ntchito wanu amasainira kuti katundu wafika. Kirediti noti ndi pepala limene wogulitsa amalemba pochepetsa ngongole yanu, mwachitsanzo mukabweza katundu woonongeka. Sitetimenti imangosonkhanitsa zonsezi za mwezi wathunthu monga momwe zilili m'buku la wogulitsayo. Yokha siibweretsa ngongole yatsopano, n'chifukwa chake siilembedwa m'buku lanu. Chimene chimalembedwa ndi invoisi, kirediti noti ndi malipiro.

Kumbali yanu kuli leja, kaya ndi kope la chikuto cholimba kapena ya pakompyuta. Mmenemo wogulitsa aliyense ali ndi tsamba lake. Katundu akafika ngongole imakwera, mukalipira kapena kubweza katundu imatsika.

Sitolo ya ku Kasungu

Titenge chitsanzo chimene ndachikonza kuti tione ntchito yonse. Mayi wina ali ndi sitolo ya zipangizo zomangira pa Kasungu, ndipo amaoda katundu pa ngongole ya masiku 30 ku kampani ina ya ku Kanengo mu Lilongwe. Kumayambiriro kwa Julaye walandira sitetimenti ya mwezi wa Juni, ndipo ikuti ngongole yake ndi K8,090,000. Buku lake likuti K3,230,000. Kusiyana ndi K4,860,000, ndalama yoti ingamusowetse tulo munthu aliyense.

Chinthu choyamba sikuyang'ana nambala yapansiyo ayi. Ndi kuyang'ana pamwamba. Kodi sitetimentiyi ili m'dzina lake ndi nambala ya akaunti yake? Kodi yathera pa deti liti? Pali makampani amene amatseka mabuku awo mwezi usanathe, mwina pa 25, ndiye ngati inu mwatseka pa 30, mukuyerekeza zinthu za nthawi zosiyana. Zikatero jambulani mzere m'buku lanu pa deti limene sitetimenti yathera, ndipo zonse za pansi pa mzerewo zidikire. M'chitsanzo chathu onse awiri atseka pa 30 Juni.

Chachiwiri ndi balansi yoyambira, ndiko kuti ngongole imene inatsala mwezi wathawo. Pa 1 Juni sitetimenti ikuti K2,400,000, ndipo buku la mayiyu likuti chimodzimodzi. Apa mtima ukhoza kukhala pansi, chifukwa zikutanthauza kuti vuto lonse lili mkati mwa Juni. Zikanakhala kuti balansi yoyambira yasiyana, sakanapitirira. Akanabwerera ku sitetimenti ya Meyi, kapena ya Epulo, mpaka atapeza mwezi umene mabuku awiriwa anagwirizana komaliza, n'kuyambira pamenepo. Ambiri amalumpha sitepe imeneyi, kenako amathera tsiku lonse akusakasaka mu Juni cholakwika chimene chinachitika mu Malichi.

Tsopano kuchonga. Sitetimenti kumanzere, buku kumanja. Mutenge mzere woyamba wa pa sitetimenti, muufune m'buku, ndipo muone zinthu ziwiri: nambala ya invoisi ndi kuchuluka kwa ndalama. Zonse zikafanana, chongani uku ndi uku. Deti likhoza kusiyana ndi tsiku limodzi kapena awiri, pakuti iwo amalemba tsiku lotumiza pamene inu mumalemba tsiku lolandira, ndipo zimenezo si vuto. Koma musachonge poona ndalama yokha. Sitolo yooda matumba 100 a simenti kawirikawiri imakhala ndi mainvoisi angapo a ndalama yofanana ndendende, ndipo n'kosavuta kuchonga invoisi ya sabata ino pa mzere wa sabata yatha.

Mayi wathu wachonga. Invoisi 5102 ya pa 4 Juni, matumba 100 a simenti pa K30,000 thumba limodzi, yonse K3,000,000, ili mbali zonse ziwiri. Malipiro a K2,400,000 a pa 7 Juni, amene anathetsa ngongole ya Meyi, ali mbali zonse. Invoisi 5231 ya penti, K950,000, ilinso bwino. Invoisi 5260 ya misomali ndi waya, K420,000, waichonga. Akamaliza kutsika ndi sitetimenti, ayenera kutembenuka n'kutsikanso ndi buku lake, kufuna mizere imene yatsala yosachonga. Kuyenda mbali imodzi yokha kumaonetsa zimene iwo ali nazo inu mulibe, koma kumabisa zimene inu muli nazo iwo alibe.

Atamaliza, zatsala zinthu zisanu ndi chimodzi zopanda chongi. Kusiyana konse kwa K4,860,000 kuli mmenemo, ndipo sikungakhale kwina.

Zimene nthawi yokha idzakonza

Chachikulu pa zonse ndi malipiro a K3,000,000 amene mayiyu anatumiza kudzera ku banki madzulo a pa 30 Juni, kulipirira simenti ija. M'buku lake alimo, pa sitetimenti palibe. Palibe amene walakwa apa. Ndalama inachoka kwa iye pa 30, koma kalaliki wa ku Kanengo anaiona ndi kuilemba pa 1 Julaye. Cheke chimachedwa kuposa pamenepa, chifukwa chiyenera kuyenda, kukasungitsidwa ku banki, n'kudikira kuti chidutse.

Komabe musangonena kuti ndalama ili m'njira n'kusiya pomwepo. Onani umboni: risiti ya ku banki, kapena uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo onani kuti ndalamayo inapita ku akaunti yeniyeni ya kampaniyo. Ndalama yotumiza pa 30 kusaoneka pa sitetimenti n'zomveka. Ndalama yotumiza pa 12 kusaoneka pa sitetimenti ya pa 30 ndi nkhani ina. Mwina aiika pa akaunti ya kasitomala wina chifukwa potumiza simunalembe dzina la sitolo, mwina inabwerera, ndipo mwina, ngati munapereka pamanja kwa munthu wodzatolera, sinafike n'komwe ku ofesi. Pa zifukwa zonse zochitira ntchitoyi mwezi ndi mwezi, ine ndimaona ichi kukhala chachikulu. Ndalama yosowa ikadziwika patapita masabata awiri, wotolera uja akadalipo ndipo risiti ikadali m'kabati. Ikadziwika patapita miyezi isanu ndi itatu, pamatsala kulozana zala.

Chachiwiri ndi invoisi 5299 ya pa 29 Juni, zitseko ndi mafelemu a mawindo, K1,250,000. Ili pa sitetimenti koma m'buku mulibe. Atafufuza, wapeza kuti lole ya kampaniyo inafika pa Kasungu pa 2 Julaye, ndipo delivale noti ili ndi deti limenelo. Wogulitsa analemba invoisi tsiku lopakira katundu, wogula adzalemba tsiku lotsitsa. Ichinso ndi cha nthawi, ndipo chidzalowa m'buku la Julaye.

Pano pali malire amene ndi bwino kuwadziwa. Zikanakhala kuti mayiyu anatumiza galimoto yake ku Kanengo, dalaivala wake n'kusainira katunduyo pa 29 Juni, katunduyo akanakhala wake kuyambira tsiku limenelo, ngakhale galimoto itagona pa Mponela masiku atatu. Pamenepo ngongole ikanayenera kulowa m'buku la Juni, ndipo kusalemba kukanakhala kulakwitsa kwake. N'chimodzimodzi katundu akafika mwezi usanathe koma invoisi yatsalira m'thumba la dalaivala. Katundu ali m'sitolo, mwina wayamba kale kugulitsidwa, ndiye ngongole ilipo ndithu. Pemphani invoisi ina, muilembe. Funso lothandiza ndi limodzi: pa tsiku lotseka mabuku, katunduyu anali m'manja mwa yani?

Zimene wogulitsa ayenera kukonza

Chachitatu ndi invoisi 5275 ya pa 25 Juni, K610,000. Mayiyu sakuikumbukira. Wayang'ana m'buku la maoda, palibe oda yotere. Wayang'ana m'faelo ya madelivale noti, mulibe. Wafunsa mnyamata wolandira katundu, nayenso sakudziwa. Invoisi yotere siilowa m'buku chifukwa chongoti yaoneka pa sitetimenti. Choyenera ndi kuimbira ku ofesi ya maakaunti ya kampaniyo, modekha.

"Achimwene, pa sitetimenti yanga ya Juni pali invoisi 5275 ya K610,000. Kuno katundu ameneyu sitinalandire. Tanditumizirani invoisiyo pamodzi ndi delivale noti yake, ndione amene anasaina."

"Chabwino mayi, tipatseni mpaka mawa tiyang'ane m'faelo."

Taonani kuti sanapemphe invoisi yokha. Invoisi aliyense angaisindikizenso pa kompyuta. Chimene chimatsimikiza kuti katundu anafika ndi siginecha ya pa delivale noti. Mapepala atabwera, apeza kuti katunduyo anapita ku sitolo ina ya ku Mchinji imene dzina lake likufanana ndi la sitolo yake, ndipo kalaliki anasankha akaunti yolakwika. Kampaniyo iyenera kuichotsa pa akaunti yake. Zikanapezeka kuti siginecha ndi ya wogwira ntchito wake, pamene katunduyo sanalowe m'sitolo, nkhani ikanasanduka ya m'nyumba mwake momwe.

Titaima pano pang'ono, tiwerengere. Pa K8,090,000 ya sitetimenti tichotse K3,000,000 ya malipiro a pa 30, patsala K5,090,000. Tichotse K1,250,000 ya katundu wa m'njira, patsala K3,840,000. Tichotsenso K610,000 ya eni ake a ku Mchinji, patsala K3,230,000. Imeneyi ndi nambala yomwe ija ili m'buku la mayiyu.

Munthu wosachonga, amene amangosakasaka zinthu zikuluzikulu mpaka manambala atakumana, apa atseka buku n'kupita kukadya nsima. Koma ife tinawerenga zinthu zisanu ndi chimodzi zopanda chongi, ndipo tafotokoza zitatu zokha. Zitatu zotsalazo zabisana, chifukwa china chikukokera kumwamba, china pansi, ndipo zathetsana. Izi zimachitikadi m'mabuku enieni, ngakhale si kawirikawiri kuti zithetsane ndendende chonchi. Kukumana kwa manambala apansi si umboni wakuti zonse zili bwino. Umboni ndi wakuti palibe mzere umene watsala wopanda chongi kapena chifukwa.

Chachinayi, tsono, ndi penti. Pa invoisi 5231 ija, ndowa zisanu zinafika zitaphulika zivindikiro, ndipo mayiyu anazibweza pa 20 Juni ndi lole ya kampaniyo. Ndowa imodzi ndi K48,000, zonse K240,000. Iye anachotsa ndalamayi m'buku lake tsiku lomwelo, koma pa sitetimenti palibe kirediti noti. Kwa wogulitsa, pentiyo akadali ngongole.

Nkhani za katundu wobwezedwa ndi zimene zimakhalitsa kuposa zina zonse, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Katundu amabwerera kudzera kwa dalaivala n'kukafikira kosungira katundu, pamene kirediti noti imalembedwa ku ofesi ya maakaunti. Pepala likapanda kuyenda kuchoka uku kupita uko, a ku ofesi sadziwa kanthu. Chimene chikumuteteza mayiyu n'chakuti pobweza analemba kapepala kosonyeza deti, chiwerengero cha ndowa ndi nambala ya invoisi, dalaivala n'kusaina, iye n'kusunga kope lake. Popanda kapepalako akanangotsala ndi mawu apakamwa akuti "adalaivala anu anatenga", ndipo mawu otere salowa m'buku la kampani iliyonse. Tsono atumiza chithunzi cha kapepalako n'kupempha kirediti noti ya K240,000. Ikafika aione bwino, chifukwa nthawi zina imalembedwa pa mtengo wina, kapena imabwera yopanda gawo la msonkho wa VAT limene linali pa invoisi.

Zimene tiyenera kukonza tokha

Ziwiri zotsala zili m'buku la mayiyu. Invoisi 5168 ya malata, ya pa 11 Juni, pa sitetimenti ndi K1,860,000, m'buku ndi K1,680,000. Woweruza pa mkangano wotere si sitetimenti, si buku, koma invoisi yeniyeniyo. Waitulutsa m'faelo, ndipo ikuti K1,860,000. Wolemba anasinthanitsa 8 ndi 6, choncho ngongole ya m'buku ndi yochepa ndi K180,000.

Owerengera ndalama ali ndi kanjira kozindikirira cholakwika cha mtundu umenewu. Manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kwake nthawi zonse kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Gawani 180,000 ndi 9, mupeza 20,000 ndendende. Choncho mukatsala ndi ndalama yosadziwika imene ikugawika ndi 9, yambani mwakayikira kusinthana kwa manambala. Sikuti n'chitsimikizo, koma kumakuuzani poyambira. Kanjira kena ndi kugawa pakati. Ngati kusiyana ndi K96,000, funani chinthu cha K48,000, chifukwa kirediti noti ikalembedwa ngati invoisi, ndiko kuti mwawonjezera pamene munayenera kuchotsa, cholakwikacho chimaoneka kawiri kukula kwake.

Chomaliza ndi misomali ndi waya, K420,000. Pa sitetimenti invoisi 5260 ili kamodzi, m'buku ili kawiri, pa 23 ndi pa 26 Juni. Katundu atafika, mnyamata wa m'sitolo analemba kuchokera pa kope limene linabwera ndi lole. Patapita masiku atatu invoisi yomweyo inabweranso pa imelo, mayiyu n'kuilembanso. Pa mzere woyamba sanalembe nambala ya invoisi, anangoti "misomali", n'chifukwa chake palibe amene anazindikira. Cholakwika ichi ndi chimene chimadya ndalama mwakachetechete, pakuti invoisi yolembedwa kawiri imalipidwa kawiri, ndipo wogulitsa amene walandira zochuluka sakhala pachangu choimba foni ngati amene walandira zochepa. Mankhwala ake ndi osavuta: m'buku musalowe mzere wopanda nambala ya invoisi, ndipo invoisi ikalembedwa idindidwe kapena ilembedwe pamwamba kuti yalowa.

Pokonza musafufute ndi kupaka zoyera, ndipo musang'ambe tsamba. Lembani mzere watsopano wa deti la lero: kuwonjezera K180,000 pa invoisi 5168, kuchotsa K420,000 ya invoisi 5260 yolembedwa kawiri. Wodzawerenga bukulo m'tsogolo, kaya ndi inu nomwe, akauntanti wanu kapena a misonkho, aone chimene chinalakwika ndi momwe chinakonzedwera. Kumbukiraninso kuti cholakwika chotere sichikhala pa tsamba la ngongole pokha. Ngati misomali inalembedwa kawiri, ndiye kuti zogula za mwezi wa Juni zakwera ndi K420,000 yabodza, ndipo phindu likuoneka lochepa. Kwa amene analembetsa VAT, ndiye kuti msonkho umene akufuna kubwezeredwa pa zogula nawonso wawerengedwa kawiri, chinthu chimene bungwe lotolera misonkho la MRA silingachilandire.

Tsopano mbali ziwirizi zikumane. Buku linali pa K3,230,000. Tiwonjezere K180,000 ya malata, ikhala K3,410,000. Tichotse K420,000 ya misomali, itsala K2,990,000. Ku mbali ya sitetimenti tinafika pa K3,230,000 titachotsa zinthu zitatu zija. Tichotsenso K240,000 ya penti, itsala K2,990,000. Apa ndiye zagwirizanadi, ndipo tikhoza kutsimikiza mwa njira ina, powerenga mainvoisi amene sanalipidwe: malata K1,860,000, penti K710,000 titachotsa ndowa zobwezedwa, misomali K420,000. Zonse pamodzi ndi K2,990,000. Mayiyu akanaima pa kukumana koyamba kuja n'kulipira K3,230,000, akanapereka K240,000 yoposera, ndiko kuti akanalipira penti amene anabweza kale.

Mwaona kuti zinthu zisanu ndi chimodzi zija sizinalowe zonse m'buku. Zalowa ziwiri zokha, zimene zinali zolakwa zathu. Zinayi zinazo zalembedwa pa pepala lapadera loyanjanitsira, limene limayamba ndi balansi ya sitetimenti, kutchula chinthu chilichonse ndi nambala yake, deti lake ndi chifukwa chake, n'kuthera pa balansi ya buku lokonzedwa. Pepalali lisainidwe, limatidwe pa sitetimenti, lisungidwe. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musachite ndi kulemba mzere wakuti "kukonza balansi" pofuna kuti manambala angofanana. Mzere wotere uli ngati kuvundikira chilonda ndi nsalu osachitsuka. Ngakhale kusiyana kutakhala K2,000 yokha, tawona kale kuti kanambala kakang'ono kakhoza kukhala zolakwika ziwiri zazikulu zimene zatsala pang'ono kuthetsana.

Msonkho wodula polipira, ndi zina zobwerabwera

Pali kusiyana kwina kumene sikunaoneke m'chitsanzo chathu koma kumavutitsa kwambiri kuno kwathu. Makampani, masukulu, zipatala ndi mabungwe amene analembetsa kuti azidula msonkho polipira sapereka ndalama yonse kwa wogulitsa. Amadula gawo lina n'kulipereka ku MRA m'dzina la wogulitsayo, pokhapokha iye ataonetsa satifiketi yomuchotsa pa msonkho umenewu. Tinene kuti gawolo ndi 3 peresenti pa katundu wa K1,000,000. Wogulitsa alandira K970,000, ndipo K30,000 ipita ku MRA. M'buku la wogula ngongole yatha yonse. Pa sitetimenti pamatsala K30,000, ndipo mwezi uliwonse timanambala totere timaunjikana mpaka pofika kumapeto kwa chaka pali ngongole yaikulu imene wogula sakuidziwa. Wogulitsa sangaichotse asanalandire satifiketi yosonyeza kuti msonkhowo unaperekedwadi, chifukwa ndi imene amakaigwiritsa ntchito pa misonkho yake. Choncho mukaona timakwacha totsala pa invoisi iliyonse, tonse tofanana peresenti, musakangane. Tumizani masatifiketi.

Kuchotsera mtengo nakonso kumabweretsa zofananazo. Wotsatsa malonda amakulonjezani pakamwa kuti mukalipira msanga akuchotserani, inu mumadula nokha polipira, koma ku ofesi sakudziwa, kapena akuti munachedwa ndi masiku awiri. Mitengo ikamasinthasintha pamabweranso vuto lina: munaoda pa mtengo wa sabata yatha, invoisi yabwera ndi mtengo wa lero. Ichi kuchonga sitetimenti sikungachigwire, chifukwa ngati munalemba invoisi monga inabwerera, mbali zonse ziwiri zifanana. Apa ndi pamene ntchitoyi imathera mphamvu. Imakuuzani ngati mabuku awiri akugwirizana, koma siyikuuzani ngati mtengo unali woyenera kapena ngati matumba anafikadi 100. Zimenezo zimaonedwa tsiku lolandira katundu, poyerekeza oda, delivale noti ndi invoisi, invoisiyo isanalowe m'buku.

Ngati sitolo ili ndi antchito, amene amayanjanitsa asakhale yemweyo amene amalemba mainvoisi ndi kulipira. Sikuti tikumuganizira zoipa, koma munthu saona msanga cholakwa cha dzanja lake, ndipo ngati pali chobisika, mwini kubisa sangachiulule. Pa sitolo yaing'ono, mwini wake azichita yekha, ndipo sitetimenti izibwera kwa iye mwachindunji kuchokera ku kampani, osadzera m'manja mwa wina. Wogulitsa amene satumiza sitetimenti, muzimupempha. Ngati ogulitsa ndi ambiri ndipo nthawi ndi yochepa, yambani ndi amene mumaoda kwambiri kwa iwo, osati amene buku likuonetsa ngongole yaikulu. Tsamba loonetsa ziro pa kampani imene mumaodako sabata iliyonse likhoza kutanthauza kuti mainvoisi sanalembedwe.

Potsiriza pamabwera kulipira. Mayi wathu akamatumiza K2,990,000 ija, atumizenso kalata yaifupi yonena kuti ndalamayi ndi ya mainvoisi 5168, 5231 ndi 5260, kuchotsapo K240,000 ya penti wobwezedwa pa 20 Juni. Akapanda kutero, kalaliki wa ku Kanengo adzaigawa yekha kuyambira pa invoisi yakale kwambiri, ndipo mwina gawo lina lidzagwera pa penti wobwezedwa uja, n'kuoneka ngati wamuvomera. Ichi n'chifukwa chakenso kulipira ndalama zongozungulira, lero K1,000,000, sabata yamawa K500,000, kumavutitsa poyanjanitsa: palibe invoisi imene imatha bwinobwino, ndipo pakapita miyezi ingapo palibe angaloze kuti ngongole yotsalayo ndi ya katundu uti.

Sitetimenti ya Julaye ikadzafika, ntchito idzayambira pa pepala la Juni lija. K3,000,000 iyenera kuoneka pa 1 Julaye. Invoisi 5299 iyenera kukhala italowa m'buku pa 2 Julaye. Invoisi 5275 iyenera kukhala itachotsedwa, ndipo kirediti noti ya K240,000 iyenera kukhalapo ndi nambala yake. Zimene zatheka azichonge pa pepala lakalelo. Chimene sichinatheke achisamutsire pa pepala la Julaye ndi deti lake loyambirira, kuti ukalamba wake uzioneka. Kirediti noti ikadutsa miyezi iwiri isanabwere, foni yakwana: alembe kalata kwa mkulu wa maakaunti wa kampaniyo, aikemo kope la kapepala kamene dalaivala anasaina, ndipo apemphe yankho lolembedwa.